Kusintha mayina a mafayilo a zotsatira kuti akhale manambala a adimishoni

Funso: "Ndine mlembi pa sukulu ya sekondale. Ndasikana mapepala a zotsatira za ana a Fomu 2, pepala lililonse latuluka fayilo yakeyake, scan0001.pdf mpaka scan0186.pdf. Ahedi akufuna fayilo iliyonse ikhale ndi nambala ya adimishoni ya mwana, monga 2024/045. Manambalawo ndili nawo mu Excel, ana onse alipo 188. Kodi pali njira yoti ndisasinthe imodziimodzi? Kompyuta ndi ya Windows."

Njira ilipo mayi, ndipo simufunika kugula kapena kuika pulogalamu ina iliyonse. Excel ndiye adzakulemberani malamulo osinthira mayinawo, inu n'kuwapereka kwa Windows kuti awachite onse nthawi imodzi. Kusinthako ndi ntchito ya masekondi ochepa chabe. Chimene chidzakudyereni nthawi, ndipo n'choyenera kutero, ndi kutsimikiza kuti fayilo iliyonse yagundana ndi mwini wake. Kompyuta siwerenga zimene zalembedwa pa pepala losikanidwa, kwa iyo ndi chithunzi basi. Mukaiuza kuti scan0058.pdf ndi ya mwana wakuti, imavomera osafunsa. Ndiye manambala anu awiri aja, 186 ndi 188, akundiuza kale kuti mukangoika mndandanda wa mafayilo pambali pa mndandanda wa ana n'kusintha, ana ambiri alandira zotsatira za anzawo. Tifikako.

Musanagwire china chilichonse, koperani foda yonse ya masikaniwo. Yoyambayo isiyeni momwe ilili, ndipo ngati muli ndi fulashi ikanimonso ina. Yokoperayo muitche dzina lalifupi, tinene `C:\Zotsatira\ntchito`, ndipo muzigwirira ntchito mmenemo. Chifukwa chake n'chakuti mayina osinthidwa mwa njira imeneyi sabwerera ndi Ctrl+Z. Zikasokonekera, mankhwala ake ndi kufufuta foda ya ntchitoyo n'kukoperanso ina kuchokera ku yoyamba ija.

Tsopano titenge mayina a mafayilo kuti alowe mu Excel. Tsegulani foda ya ntchito ija, dinani pamwamba pomwe pamalembedwa adiresi ya foda, fufutani zomwe zilipo, lembani `cmd` n'kudina Enter. Patseguka windo yakuda, ndipo mzere wake womaliza uyenera kuonetsa `C:\Zotsatira\ntchito>`. Mukaona mzerewo ukuyamba ndi zilembo PS, ndiye kuti mwatsegula PowerShell, yomwe malamulo ake ndi osiyana. Lembani `cmd` mmenemo n'kudina Enter kuti mubwerere pa njira yathu. Kenako lembani izi:

```
dir /b /o:n *.pdf | clip
```

Pa sikirini sipaoneka kanthu, musadabwe. Mndandanda wonse wa mayina wakopedwa kale. Pitani mu Excel, tsegulani shiti yatsopano, dinani selo A2 n'kudina Ctrl+V. Mzere woyamba tausiyira mitu. Mayina 186 atsika mu kolamu A, kuyambira A2 mpaka A187.

Inu muli ndi mwayi kuti sikana yanu imaika maziro kutsogolo kwa nambala. Masikana ena amalemba scan1, scan2, mpaka scan186, ndipo lamulo lili pamwambali limasanja mayina otere ngati mawu: scan1, scan10, scan100, scan101, pomwe scan2 imabwera kutali ndithu. Mu foda amaoneka osanjika bwinobwino, n'chifukwa chake anthu sazindikira msanga. Amene sikana yake imatero alembe `/o:d` m'malo mwa `/o:n`, kuti mafayilo asanjidwe potsata nthawi imene anasikanidwa.

Mu kolamu B ikanimo manambala a adimishoni, mu C mayina a ana, motsata ndondomeko imene mapepala analowera mu sikana. Ngati mapepala anali osanjidwa potsata kaundula wa kalasi, koperani makolamu awiriwo pamodzi kuchokera mu shiti yanu ya ana. Ngati anasanjidwa potsata malo amene mwana wakhala pa mayeso, sanjani kaye shiti ya anayo mwa njira yomweyo musanakopere. Mayina a ana sadzalowa pa mafayilo ayi, akungokuthandizani kuona ndi maso ngati zikugwirizana. Koma ngati mapepala anangolowa mu sikana mosakanikirana, osavutika n'kuyerekeza mindandanda iwiriyo. Tsegulani fayilo iliyonse n'kulemba mu kolamu B nambala imene mukuiona pa pepalapo. Ndi ntchito yotopetsa, komabe imaposa kusintha dzina pa fayilo penipenipo, chifukwa zolakwika zimaonekera mu Excel musanawononge kanthu.

Apa ndiye pagona nkhani. Kuti kutsegula mafayilo kusakuvuteni, lembani fomula iyi mu selo G2 n'kuikokera pansi mpaka mzere 187:

```
=HYPERLINK("C:\Zotsatira\ntchito\"&A2,"tsegula")
```

Mukadina mawu akuti tsegula pa mzere uliwonse, fayilo ya mzere umenewo imatseguka. Excel akhoza kukuchenjezani kaye, ingovomerani poti mafayilowo ndi anu omwe.

Ana awiri alibe fayilo, koma simukudziwa kuti ali pati. Pomwe pali mwana wopanda pepala, fayilo ya mnzake wotsatira imakhala pa mzere wake, ndipo onse am'munsi amasuntha ndi mzere umodzi. Zili ngati kumanga mabatani a malaya: mukaphonya bowo limodzi, onse otsatira alowa polakwika ngakhale akuoneka omangika. Simufunika kutsegula mafayilo onse kuti mupeze pamene paphonyeka. Yambani pakati.

Tiyerekeze motere. Mwatsegula scan0093.pdf, ndipo dzina lili pa pepala si la mu kolamu C pa mzere umenewo, ndi la mwana wa mzere wotsatira. Ndiye kuti vuto lili kumwamba. Mwatsegula ya pakati pa gawo lakumwambalo, scan0046.pdf, ili bwino. Tsono vuto lili pakati pa 46 ndi 93. Ya 70 ndi yolakwika, ya 58 ndi yolakwikanso, ya 52 ili bwino, ya 55 ili bwino, ya 57 ili bwino. Basi mwapeza: kusokonekera kwayambira pa scan0058.pdf, ndipo mwana amene ali pa mzere umenewo ndiye alibe pepala. Mwatsegula mafayilo asanu ndi awiri okha.

Musamufufute msanga mwanayo. Funsani kaye kuti pepala lake lili kuti. Tinene kuti aphunzitsi a kalasi akuuzani kuti anasamukira ku sukulu ina pakati pa teremu ndipo sanalembe mayeso. Pamenepo sankhani maselo ake awiri okha, wa mu B ndi wa mu C, dinani batani lakumanja la mawusi, sankhani Delete, kenako Shift cells up. Osafufuta mzere wonse, chifukwa mungachotse ndi dzina la fayilo lomwe mu kolamu A, kusokonekera n'kukhalapobe. Ana onse am'munsi akwera ndi mzere umodzi n'kukumana ndi mafayilo awo.

Chitaninso chimodzimodzi kuti mupeze wachiwiri, kuyambira pa 58 kutsika. Tinene kuti mwamupeza pa scan0141.pdf, koma uyu mayeso analemba. Mukabwerera ku mulu wa mapepala mupeza kuti pepala lake lilipo, linangomatirira kumbuyo kwa la mnzake sikana n'kuwakoka onse awiri pamodzi. Zimachitika kawirikawiri ndi mapepala amene anali ndi sitepulo kapena amene anyowa ndi chinyontho cha dzinja. Lisikaneni palokha, fayiloyo muiike mu foda ya ntchito komanso mu yoyamba ija, lembani dzina lake mu A188, ndipo nambala ndi dzina la mwanayo muzichotse pa mzere wa scan0141.pdf uja mwa njira yomwe ija n'kuzilemba mu B188 ndi C188. Tsopano muli ndi mafayilo 187 ndi ana 187.

Koma kufanana kwa chiwerengero si umboni wokwanira, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwa. Pepala limodzi likasowa pa nambala 30, lina n'kusikanidwa kawiri pa nambala 120, chiwerengero chimakwana ndendende, fayilo yoyamba ndi yomaliza zimakhala zolondola, pomwe ana onse apakati pa 30 ndi 120 atenga za anzawo. N'chifukwa chake mukamaliza kukonza, tsikani ndi mndandanda wonse mukutsegula fayilo yakhumi iliyonse. Poyerekeza, yang'anani nambala ya adimishoni imene ili pa pepala, osati dzina lokha. M'kalasi la ana oposa zana simulephera kupeza a Banda kapena a Phiri awiri a dzina loyamba limodzi, ndipo kaundula wosanjidwa mwa afabeti amawaika moyandikana. Awiri otere akasinthana malo, kutsegula fayilo yakhumi iliyonse sikungakuonetseni. Amenewo muwatsegule onse. Kunena zoona, ngati mafayilowa adzatumizidwa kwa makolo, ine ndingatsegule onse 187. Ndi kudina kumodzi pa mzere, ntchito ya ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono, pomwe kholo limodzi lolandira zotsatira za mwana wa eni ake lingakutayitseni sabata yonse mu ofesi ya ahedi.

Zonsezi muzimalize musanalembe mafomula otsatirawa. Mukafufuta maselo a mu B mafomula owerenga B alipo kale, ena adzasanduka #REF! ndipo mudzayenera kuwakokanso.

Tsopano mayina atsopano. Nambala yanu singakhale dzina la fayilo momwe ilili, chifukwa Windows salola kamzere kopendekeka kali pakati pa 2024 ndi 045. Zizindikiro zoletsedwa ndi izi: `\ / : * ? " < > |`. Tisintha kamzereko kukhala kogona. Ndikulangizaninso kuti muwonjezere kalasi, teremu ndi chaka kumapeto kwa dzina. Ahedi apempha nambala yokha, inde, koma teremu yamawa mwana yemweyo adzakhala ndi pepala lina, ndipo mafayilo awiri a dzina limodzi sakhala mu foda imodzi. Nambala ikakhala kutsogolo, kufufuza sikuvuta, ndipo zotsatira zonse za mwana mmodzi zimaima moyandikana. Mu D2 lembani motere, koma teremu ndi chaka muike zanu:

```
=SUBSTITUTE(TRIM(B2),"/","-")&"_F2_T3_2025.pdf"
```

Pa mwana wa 2024/045 zituluka 2024-045_F2_T3_2025.pdf. `TRIM` akuchotsa mipata yosaoneka imene imatsalira kutsogolo kapena kumbuyo kwa nambala polemba kaundula. Musaiwale `.pdf` kumapeto. Windows nthawi zambiri amabisa mbali imeneyi ya dzina mu foda, koma ikasowa fayilo imasanduka kapepala koyera kosatseguka mukakadina.

Musaike dzina la mwana pa fayilo, ngakhale wina atakuuzani kuti zingaoneke bwino. Mayina amalembedwa mosiyanasiyana, lero ndi l mawa ndi r, pena ndi ŵ pena ndi w wamba, pomwe nambala sisintha. Komanso foda ikapita pa fulashi, aliyense woiona asamangodziwa kuti fayilo iyi ndi ya mwana wa uje.

Yang'anani bwino kolamu B musanapitirire, chifukwa Excel ali ndi khalidwe lokonza manambala mosafunsa. Manambala anu a mtundu wa 2024/045 amawasiya, koma sukulu imene imalemba 0045 imapeza kuti asanduka 45. Nthawi zina selo imaonetsa 0045 pomwe mkati mwake muli 45, ndipo fomula imatenga za mkatizo. Mungadziwe podina seloyo n'kuyang'ana pamwamba pomwe pamaoneka fomula. Zikatero, m'malo mwa fomula ija gwiritsani ntchito iyi, maziro ake akhale ochuluka ngati manambala a adimishoni yanu:

```
=TEXT(B2,"0000")&"_F2_T3_2025.pdf"
```

Choipa kwambiri ndi nambala yonga 05/2024, imene Excel amaiyesa mwezi ndi chaka n'kuisandutsa deti. Mukaona mu kolamu D mwatuluka nambala yachilendo ya madijiti asanu yoyamba ndi 4, dziwani kuti ndi deti imeneyo. Maselo otero muwasinthe kukhala Text kudzera pa Format Cells, kenako mulembenso manambalawo kuchokera mu buku la adimishoni. Kusintha kukhala Text kokha sikubweza nambala yotayika.

Mu E2 tiika mlonda woona ngati dzina lina labwera kawiri:

```
=COUNTIF(D:D,D2)
```

Ikokereni pansi. Paliponse payenera kukhala 1. Pomwe pali 2, ana awiri ali ndi nambala imodzi mu kaundula wanu, kapena mwana mmodzi walembedwa kawiri, monga zimachitikira ndi wobwereza kalasi kapena wosintha sitirimu. Musapange nokha nambala yatsopano kuti ntchito ithe. Buku la adimishoni ndi limene liweruze, ndipo mukonzenso mu shiti yaikulu ya sukulu kuti vutolo lisabwerenso teremu yamawa.

Lamulo lenileni likhala mu F2:

```
="ren """&A2&""" """&D2&""""
```

Zizindikiro zogwira mawuzo zachuluka, ndipo chimodzi chikasowa Excel amakana. Muzilembe pa kiyibodi mu Excel momwemo. Zikadutsira mu Word zimasanduka zopindika, zomwe Excel sazidziwa. Mukalemba bwino, selo ionetsa chonchi:

```
ren "scan0001.pdf" "2024-001_F2_T3_2025.pdf"
```

Dzina lakale lili kumanzere, latsopano kumanja, lililonse m'kati mwa zizindikiro zake kuti ngakhale muli mpata lisaduke. Kokerani fomulayo mpaka mzere womaliza, ndipo ya mu D, E ndi G ifikenso pomwepo. Ngati Excel akukana mafomula onse okhala ndi makoma ngakhale mwalemba molondola, n'kutheka kuti kompyutayo inaikidwa pa kalembedwe ka dziko lina, monga South Africa, komwe magawo a fomula amalekanitsidwa ndi `;` m'malo mwa `,`. Ingosinthani zizindikirozo.

Sungani fayilo ya Excel, ndipo tsekani mafayilo onse a PDF amene munatsegula poyerekeza paja. Yesani kaye ndi mizere itatu. Sankhani F2 mpaka F4, dinani Ctrl+C, pitani pa windo yakuda ija, onetsetsani kuti ikadali pa foda ya ntchito, n'kudina batani lakumanja la mawusi kapena Ctrl+V. Pa Windows 11 ikhoza kufunsa ngati mukufunadi kumata mizere yambiri, vomerani. Lamulo la `ren` likagwira ntchito silinena kanthu, limangopita pa mzere wotsatira. Yang'anani mu foda, tsegulani mafayilo atatu asinthawo. Ngati ali bwino, koperani kuyambira F5 mpaka pansi n'kumata chimodzimodzi. Mzere womaliza ukaima osachitika, dinani Enter.

Likadandaula, limadandaula m'Chingerezi, ndipo madandaulo ake odziwika ndi anayi. `The system cannot find the file specified.` akutanthauza kuti dzina lakale kulibe: mwina windo ili pa foda ina, mwina fayiloyo yasinthidwa kale. `A duplicate file name exists, or the file cannot be found.` kawirikawiri ndiye kuti dzina latsopanolo lilipo kale mu foda. Ubwino wa `ren` ndi umenewu, salemba pamwamba pa fayilo ina, amangokana n'kupitirira. `The syntax of the command is incorrect.` ndi vuto la kalembedwe, makamaka zizindikiro zogwira mawu zikasowa kapena dzina latsopano likakhala ndi adiresi ya foda. `The process cannot access the file because it is being used by another process.` ndiye kuti fayiloyo ikadali yotsegula penapake. Itsekeni n'kumatanso mzere wake wokhawo.

Magetsi akathima ntchito ili mkati, palibe choopsa. Akabwera matani mndandanda wonse kachiwiri. Osinthidwa kale adzangonena kuti sakupezeka, otsala adzasintha. Izi n'zotheka chifukwa mayina anu akale onse amayamba ndi scan, sangafanane ndi atsopano. Amene sikana yake imatulutsa 0001.pdf, 0002.pdf, iye n'kumafuna mayina a manambala okhaokha ngati 0045.pdf, asayese kumata kawiri, ndipo ngakhale kamodzi komwe mayina adzawombana. Kwa ameneyo kuwonjezera kalasi ndi teremu kuja n'kofunika ndithu.

Pomaliza muone ngati pali fayilo yotsalira:

```
dir /b scan*.pdf
```

Yankho labwino ndi `File Not Found`. Pakatuluka dzina, lifufuzeni mu kolamu A muone chimene chavuta pa mzere wake. Kenako tsegulani mafayilo angapo mu foda momwemo, makamaka a ana oyandikana ndi malo awiri munakonza aja, muone ngati nambala ya pa pepala ikufanana ndi ya pa dzina. Kolamu G sidzatsegulanso kanthu tsopano chifukwa ikufuna mayina akale. Mukafuna igwirenso ntchito, sinthani A2 kukhala D2 mu fomula yake.

Fayilo ya Excel ija musaitaye. Ndiyo umboni wokhawo wosonyeza kuti scan0058.pdf inasanduka chiyani, ndipo teremu yamawa mudzangosintha makolamu A, B ndi C komanso teremu mu fomula ya D. Podzasikananso, sanjani mapepala potsata kaundula, chotsani masitepulo, ndipo muzilowetsa makumi awirimakumi awiri, mukuwerenga mafayilo otuluka pa mulu uliwonse musanaike wina. Pepala likasowa mudzalifufuza pakati pa makumi awiri okha. Onetsetsaninso kuti sikana ikadali pa kutulutsa fayilo imodzi pa pepala lililonse. Ikadzakupatsani PDF imodzi ya masamba onse, iduleni ndi pulogalamu yogwira ntchito pa kompyuta pomwepo, monga PDFsam Basic, osati pa masamba a pa intaneti odula PDF mwaulere, chifukwa kumeneko ndiye kuti mwatumiza zotsatira za ana onse kwa anthu osawadziwa.